Fungo limene ndinagula silinali limene ndinanunkhiza

Mu Okutobala chaka chatha ndinagula kabotolo ka pafyumu pamsika wa pa boma ku Lundazi. Amayi ogulitsa anandipaka pang'ono padzanja, ndipo ndinamva mandimu okhaokha, fungo lozizira bwino lija. Ndinalipira K80 pomwepo, ndalama imene kwa ife ongodzipereka pa wayilesi si yochepa.

Mawa lake ndinadzola mowolowa manja, pakhosi, pachifuwa ndi pa shati, n'kupita ku pulogalamu ya ulimi. Situdiyo yathu ndi kachipinda kotseka, ndipo fani timazimitsa chifukwa maikolofoni imatola phokoso lake. Mlendo wanga anali bambo wachikulire wochokera kumudzi. Pofika pakati pa pulogalamu mandimu aja anali atapita. M'chipindamo munadzaza fungo lotsekemera, lolemera, ngati keke yophikidwa m'tchalitchi. Bambo aja anatsokomola kawiri konse tili pamphepo. Titamaliza anandifunsa mwaulemu kuti, "Mwanangu, kodi mumafukiza lubani muno?"

Manyazi amenewo ndi amene anandichititsa kufufuza. Ndinapeza kuti amayi aja sanandinamize. Ndine amene ndinagula mofulumira.

Pafyumu ndi zinthu zambiri zosakaniza, ndipo siziuluka nthawi imodzi. Zopepuka zimachoka pakhungu poyamba, zolemera zimatsala mpaka madzulo. Choncho zimene mumamva pa mphindi zisanu zoyambirira ndi moni chabe. Mwini nyumba amatulukira pambuyo pake. Opanga mafungowa amawaika m'mabanja, ndipo kudziwa banja kumakuuzani khalidwe la fungo musanatulutse ndalama. Mabanja akuluakulu anayi onse tili nawo pafupi, osafunika sitolo ya ku Lusaka.

Banja loyamba ndi la mandimu, limene ogulitsa amati sitirasi. Tengani khoko la ndimu, lalanje kapena nachesi, mulifinye pafupi ndi mphuno. Timadzi totuluka mmenemo ndi mafuta enieni amene amalowa mu pafyumu. Pakani pa kapepala, mubwerenso patatha ola limodzi, mudzapeza kuti fungo latsala pang'ono chabe. Ndiwo mkhalidwe wa banja limeneli: limasangalatsa msanga, limachoka msanga. Madzi onunkhira otchuka a mumzinda wa Cologne ku Germany, amene Johann Maria Farina anayamba kupanga mu 1709, anali a banja lomweli, ndipo dzina loti koloni linachokera kumeneko. Chenjezo limodzi: yeserani papepala. Mafuta a khoko la mandimu akakhala pakhungu padzuwa amatha kuwaula n'kusiya zipsera zakuda.

Banja lachiwiri ndi la maluwa. Ili ndi lalikulu kwambiri, ndipo ana ake safanana. Rozi ndi wofatsa. Koma maluwa oyera monga jasimini, ndi aja amanunkhira kwambiri dzuwa likalowa, ndi aphokoso: panja amakoma, m'minibasi yodzaza amazunguza mutu. Anyamata ambiri amathawa banja limeneli poganiza kuti ndi la akazi, chonsecho mapafyumu ambiri a amuna ali ndi maluwa mkati mwake.

Banja lachitatu ndi la mitengo. Pitani kwa kalipentala, mutole zopala za mlombwa kapena za paini. Fungo louma, lodekha lija ndi limenelo. Koma chimene chinandidabwitsa ndi udzu wa vetiva, uja alangizi amatiuza kubzala m'mphepete mwa munda kuti nthaka isakokoloke. Ndakhala ndikuulengeza pa wayilesi zaka zingapo osadziwa kuti mafuta a m'mizu yake ali m'mabotolo odula a ku Ulaya. Zulani pang'ono, mutsuke mizu, muyanike, kenaka mununkhize. Mudzamva dothi, utsi pang'ono, ndi kuwawa kwa mtengo. Fungo la banja limeneli silithamanga, limakhala maola ambiri.

Banja lachinayi ndi limene linandichititsa manyazi, la amba. Maziko ake ndi utomoni wa mitengo ndi vanila. Ngati munamvapo lubani akufukiza m'tchalitchi, ndipo munatsegulapo kabotolo ka vanila wa m'makeke, phatikizani ziwirizo m'maganizo, mwafika pafupi. Ndi fungo lofunda, lotsekemera, lokakamira. Pa shati limatha kugona mpaka mawa. Mu Juni, kukamazizira, limakhala ngati juzi. Mu Okutobala kutentha kumalitukula m'mwamba, ndipo madontho awiri amamveka ngati khumi.

Kabotolo kanga kanali ka amba wovala chipewa cha mandimu. Kuti nditsimikize, ndinakayesa tsiku lina ndili pakhomo, ndi kope m'manja. Ndinapaka dontho limodzi pamkono 7 koloko m'mawa. Pomwepo ndinalemba kuti mandimu. Patatha mphindi 20 mandimu anali kutali, kukubwera kafungo ka maluwa. Pa 9 koloko panali vanila ndi lubani. Pa 3 koloko masana vanila anali akadalipo. Ndiye kuti pa maola asanu ndi atatu, chimene ndinakonda pamsika chinakhala mphindi 20 zokha. Ndinagula moni, n'kunyamula mlendo amene sindinamudziwe.

Tsopano ndimachita mosiyana. Ndikapita kwa amayi aja ndimayamba ndafunsa banja, osati dzina la pabotolo. Ndimanunkhiza mitundu itatu basi, chifukwa kupitirira apo mphuno imatopa ndipo zonse zimafanana. Pa itatuyo ndimasankha iwiri, umodzi pamkono wamanja, wina wamanzere. Kenaka ndimachoka osagula. Ndimanunkhiza pakatha theka la ola, pakatha maola awiri, ndi madzulo. Ngati la madzulo ndikulikondabe, ndimabwerera mawa. Poyamba amayi aja ankaganiza kuti ndikungofuna kudzola ulere. Atandiona ndikubweradi ndi ndalama, anayamba kundisungira timabotolo toyesera.

Ndimayang'ananso pamene botolo lakhala. Dzuwa ndi kutentha zimawononga pafyumu, ndipo banja la mandimu ndi limene limayamba kufa. Botolo lokhala pathebulo padzuwa, madzi ake atada kuposa anzake, fungo loyamba lili lowawasa ngati viniga, limenelo lisiyeni. Pemphani la m'katoni.

China chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti mphuno imazolowera fungo la mwini wake. Patangopita nthawi pang'ono simudzimvanso, ndiye mumawonjezera, pamene anzanu akutsamwa. Tsiku la pulogalamu lija ndinawonjezera pakhomo la situdiyo chifukwa ndinkaganiza kuti latha. Masiku ano ndimafunsa mlongo wanga. Ndimaima patali pang'ono n'kunena kuti, "Achemwali, mukundimva?" Akandimva ali patali kuposa mkono umodzi, ndiye kuti ndachulutsa.

Nditayesa mabanja onse anayi, ndinapeza kuti langa ndi la mitengo, makamaka pakakhala vetiva ndi kandimu pamwamba. Mwina n'chifukwa ndinakulira kumunda. Kabotolo ka amba kaja sindinataye. Kali m'sutikesi, kumdima, ndipo ndimakatulutsa usiku wozizira, dontho limodzi, kukakhala kuti kulibe situdiyo.

Bambo aja anabweranso mwezi wa Meyi kudzakamba za kusunga chimanga. Tinakhala ola lathunthu m'kachipinda komweko, fani ili chete. Sanatsokomole, ndipo za lubani sanafunsenso.