Meseji ya m'bale yonyogodola: yankhani chosowacho, mbola isiyeni

Anzanga apamsewu, amalonda ndi madalaivala, pali mtundu wa meseji umene ambiri a ife timalandira kuchokera kwa abale. Mulibe mawu otukwana. Imayamba ndi moni, imathera ndi "Mulungu akudalitseni", koma ukamaliza kuwerenga umamva ngati walumidwa ndi mavu. Pa zaka zimene ndayenda pakati pa Blantyre ndi Harare ndaona kuti meseji yotere imanyamula zinthu ziwiri: chosowa chenicheni ndi mbola. Yankho labwino limagwira chosowacho, mbolayo n'kuisiya pomwepo.

Ndiyambe ndi kumene mbolayi imachokera, chifukwa ukadziwa gwero lake dzanja silithamangira kulemba. Bambo anga anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, n'kukalowa ntchito pa famu ya fodya kufupi ndi Banket ku Mashonaland West. Ife tinabadwira mu komboni. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anataya ntchito, ndipo analibe mudzi m'Zimbabwe woti n'kubwererako. Ena tinatuluka n'kuyamba malonda. Ena anatsala mu komboni momwemo, akudya za ganyu, akusamala nkhalamba. Ndiye wotsalayo akamaona wotulukayo akukwera mabasi ndi zikwama zazikulu, amaganiza kuti ndalama zilipo. Sadziwa kuti m'chikwamamo muli mpamba, mwinanso wangongole. Kupempha poyera kumamuchititsa manyazi, makamaka akakhala wamkulu kwa iwe, ndiye pempholo amalikuta ndi mnyozo.

Kwathu wotsalayo ndi achimwene anga aakulu, amene amakhala ndi amayi. Mwezi wina wa Febuluwale, nthawi imene fodya asanayambe kugulitsidwa ndipo m'makomboni ndalama imasowa, ndinali pa mzere ku boda ya Nyamapanda pobwerera ku Malawi. Foni inalira, achimwene alemba kuti: "Zikomo kwambiri mabwana a ku Harare. Tamva kuti munadutsa Lachiwiri. Musadandaule za ife, amayi tikuwasamala ndife amphawife. Mulungu akudalitseni pa bizinesi."

Chinthu choyamba ndi nthawi. Pa boda, kapena utayendetsa usiku wonse, kapena utangokangana ndi wina za katundu, si malo oyankhira m'bale. Mkwiyo wa pa mzere umalowa m'mesejiyo. Komanso kungokhala chete timizere tiwiri tija titasanduka tabuluu kuli ndi vuto lake, chifukwa mnzakoyo amaona kuti wawerenga ndipo wamunyalanyaza. Ndiye ndinalemba mwachidule: "Achimwene, ndalandira uthenga wanu. Ndili pa boda, ndikuyankhani bwino madzulo ndikafika ku Tete." Mawu amenewa sakutsutsa kanthu, sakuvomera kanthu, angogula maola ochepa. Koma ukatchula nthawi, isunge. Ukapanda kutero wawonjezera mlandu wina pa umene unalipo kale.

Chachiwiri ndi kuiphwasula mesejiyo ngati mmene timachitira ndi belo, kuika chilichonse pa mulu wake. Ndimadzifunsa mafunso atatu. Choona ndi chiti? Ndinalidi ku Harare Lachiwiri, ndipo amayi akuwasamaladi ndi iwo. Chosowa ndi chiti? Dzina la amayi silinalowemo mwangozi: mwina mankhwala atha, mwina ufa, mwina achimwene angotopa kusenza okha. Mbola ndi iti? "Mabwana", "amphawife", ndi zikomo wopanda chothokoza uja. Milu iwiri yoyambayo ndi yoyankha. Wachitatuwo suyankhidwa, ngakhale ndi liwu limodzi.

Pali mayankho atatu amene amabwera msanga m'mutu, ndipo onse ndawaona akuswa mabanja. Loyamba ndi kubweza ndi mpeni womwewo: "Zikomo nanunso osamala amayi, ife mabwana tamva." Ukabwereza liwu lake, wamuuza kuti muvi wake walasa, ndipo masewerawo wawavomera. Lachiwiri ndi kutsegula kaundula: kujambula malisiti a Mukuru a chaka chonse n'kumuponyera. Malisitiwo akhoza kukhala oona onse, koma iye adzatulutsa kaundula wake wa masiku amene wachezera ndi odwala, ndipo ameneyo ndi wautali kuposa wako. Lachitatu ndi kachithunzi ka chala chachikulu kapena ka nkhope yoseka. Kwa munthu wamkulu kwa iwe, kameneko n'chimodzimodzi kumufulatira akulankhula.

Madzulo ndili ku Tete ndinalemba chonchi: "Achimwene, mwaswera bwanji, ndi alamu ndi ana? N'zoona ndinali ku Harare Lachiwiri. Ndinatenga katundu ku Mbare n'kubwerera ndi basi ya Lachitatu, ku Banket sindinafike. Ntchito yosamala amayi mukuigwira ndinu tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti ndi yolemetsa. Kodi panopa chasowa n'chiyani, mankhwala kapena chakudya? Loweruka ndikagulitsako katundu nditumiza madola 30. Zoposa pamenepo mwezi uno sindikwanitsa. Ndingakuimbireni mawa 7 koloko madzulo kuti ndilankhulenso ndi amayi?"

Taonani mmene yamangidwira. Moni ndi wathunthu, chifukwa kwathu meseji yopanda moni imamveka ngati kalata ya kukhoti. Choona ndachivomera m'ziganizo ziwiri zokha. Ndikanatha kufotokoza kuti Banket ili pa msewu wa ku Chirundu, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Harare, pamene njira yathu ya ku Malawi imalowera ku Mutoko ndi Nyamapanda, kotero kupatukira kumeneko ndi tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti. Zonsezo n'zoona, koma achimwene msewuwo amaudziwa kuposa ine. Kudziteteza kwautali kumamveka ngati kuphunzitsa munthu wamkulu. Kenako ndatchula katundu amene iwo asenza, mosakokomeza. Ndafunsa funso loti angathe kuliyankha ndi liwu limodzi osachita manyazi. Ndanena ndalama, tsiku ndi malire ake. Pomaliza ndasamutsira nkhaniyo ku mawu apakamwa, kumene munthu amamva ngati mnzake akuseka kapena akulira.

Malirewo musawasiye. Ena akalandira meseji yolasa amatumiza ndalama yambiri msangamsanga kuti pakhale bata, ngakhale kudula mpamba. Potero amaphunzitsa m'baleyo kuti mnyozo umalipira kuposa pempho, ndipo mwezi wamawa mbola imabwera yokulirapo. Nenani chimene mungathe ndi chimene simungathe, zonse m'mawu ozizira omwewo.

Musanatumize, werengani mokweza ngati kuti amayi anu akumvetsera. Pali timawu timene timazembera m'yankho looneka laulemu n'kuliwononga: "paja", "inunso", "nthawi zonse", "monga mwa masiku onse", "kaya", ndi "basi" wa kumapeto. "Nditumiza Loweruka" ndi lonjezo. "Paja nditumiza Loweruka monga mwa masiku onse" ndi ndewu. Njira ina yoyesera ndi iyi: yankholi litawerengedwa ndi munthu amene sanaone meseji yoyambayo, angadziwe kuti panali mnyozo? Ngati angadziwe, ndiye kuti mbola yalowamo, lembaninso.

Achimwene sanayankhe usiku umenewo. Apanso pamafunika kudziletsa. Kumafamu netiweki imavuta, bandulo imatha, foni imakatchajidwa kwa anansi. Kukhala chete kwa tsiku limodzi si yankho, ndipo meseji yachiwiri ya "mwaona koma simukuyankha" imagwetsa zonse zimene wamanga. M'mawa mwake analemba mawu anayi okha: "Mankhwala a magazi atha." Ankanena mankhwala a kuthamanga kwa magazi a amayi. Titalankhula madzulo, ndi pamene china chinatuluka. Chimene chinawapweteka kwambiri si ndalama. Anamva kwa mwana wa mnansi kuti anandiona ku Mbare, ndipo zinawachititsa manyazi pamaso pa anthu a mu komboni kuti mlongo wawo ali m'dziko iwo osadziwa. Tinagwirizana zinthu ziwiri: ndalama ya mankhwala izipita sabata yoyamba ya mwezi popanda kupempha, ndipo ndikalowa m'Zimbabwe ndiziwadziwitsa, ngakhale pa ulendo umene sindifika kwawo. Za "mabwana" sanapepese, ine sindinawafunse. Mukamayembekezera kupepesa pa meseji iliyonse yolasa, mudzadikira mpaka imvi.

Meseji yotereyi ikaponyedwa pa gulu la banja pa WhatsApp, pamene pali azakhali, asuweni ndi adzukulu, zimavutirapo, chifukwa aliyense amalankhula kuti owonerera amve. Pamenepo yankho likhale la mzere umodzi: "Ndamva achimwene, ndikuimbirani madzulo ano." Za ndalama ndi za matenda a munthu zikakambidwe kumbali. Musatumizenso chithunzi cha meseji yake kwa abale ena kuti aweruze. Chimazungulira n'kumufikanso mwiniwake, ndipo mlandu wa anthu awiri umasanduka wa fuko lonse.

Njira imeneyi ili ndi polekezera. Imathandiza pamene pansi pa mnyozo pali chosowa chenicheni. Ngati mwayankha bwino kawiri katatu, lonjezo mwasunga, koma mbola ikubwerabe, itchuleni kamodzi, pakamwa osati polemba: "Achimwene, mukandiitana kuti bwana zimandipweteka. Chikasowa chinthu ndiuzeni mwachindunji, ndidzakuyankhani mwachindunji." Zikapitirira apo, nkhaniyo yakula kuposa foni. Itengereni kwa amalume kapena wamkulu wina amene nonse mumamumvera, mukhale pansi pa ulendo wotsatira. Ndipo ngati zafika pa kuopseza, kapena kukunenerani za ufiti chifukwa malonda akuyenda, musayankhe nokha. Sungani mesejizo, muitane akuluakulu.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiwola. Koma meseji nayonso siwola: imakhala m'foni zaka, ndipo imatulutsidwa pa maliro kapena pa tsiku logawana katundu wa malemu. Lembani yokhayo imene simungachite nayo manyazi itawerengedwa pa bwalo. Muyende bwino, ndipo amene muli pa chiwongolero, yankhani mutaima.