Mano 18 kapena 22: masamu a kabaza kwathu kwa Mwadzama

Anyamata ambiri a kabaza kwathu kwa Mwadzama amakhulupirira kuti fuliwilo yaing'ono ndiyo imathamanga. Mukawapeza pamthunzi m'mbali mwa msewu wa M5, uwu wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota, akudikira makasitomala, simuchedwa kumva wina akunyoza mnzake kuti njinga yake ndi ya nkhalamba chifukwa kumbuyo ili ndi mano 22. Msuweni wanga, amene amadyetsa banja lake ndi njinga, anafika posunga ndalama yoti achotse fuliwilo yake n'kuikapo ya mano 18. Ine ndikuti akunena zoona koma theka lokha, ndipo theka linalo limaoneka munthu ukatenga choko ndi tepi yoyezera n'kuwerengera.

Liwiro la njinga imene munthu akupalasa limachokera pa manambala atatu basi: mtunda umene tayala lakumbuyo limayenda likazungulira kamodzi, maulendo amene tayalalo limazungulira mapedulo akazungulira kamodzi, ndi maulendo amene mapedulo akuzungulira pa mphindi imodzi. Mukawachulukitsa onse atatu mwapeza mamita amene mukuyenda pa mphindi.

Tiyambe ndi tayala. Njinga zakuda zija zimene timanyamulira mpunga ndi chinangwa zimatchedwa za mainchesi 28. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye kuti wilo lonse pamodzi ndi tayala lake ndi lotambalala mamilimita 711. Kuchulukitsa ndi 3.14, nambala ija tinaloweza ku sekondale, tipeza pafupifupi mamita 2.23. Koma imeneyi ndi nambala ya pa pepala. Tayala ndi mpira, ndipo munthu akakhalapo, kumbuyo kuli thumba la mpunga, limafwaphira pansi moti wilo limakhala ngati lachepa. N'chifukwa chake kuyeza kumaposa kuwerengera. Imikani njinga pamalo olimba, valavu ya tayala lakumbuyo ili pansi penipeni, lembani mzere ndi choko. Mwini njinga akwere, mumukankhe molunjika mpaka valavu itazungulira kasanu n'kufikanso pansi, mulembe mzere wina. Yezani pakati pa mizere iwiriyo n'kugawa ndi 5. Kuzungulira kasanuko n'koti mukaphonya pang'ono polemba mzere, kuphonyako kugawike. Pa njinga ya msuweni wanga tinapeza mamita 11, kutanthauza 2.2 pa kuzungulira kamodzi, ndipo nambala imeneyi ndi imene ndigwiritse ntchito.

Samalaninso ndi dzina loti 28. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala ena, monga 40-635: yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu m'mamilimita. Pali matayala ena amene amatchedwanso 28 koma limu yake ndi 622, ndipo salowa pa njinga yakuda ija ngakhale muwanyengerere bwanji. Njinga za magiya za kaunjika zambiri ndi za 559, ndipo tayala lake limayenda mamita 2.1 kapena kuchepera pang'ono.

Nambala yachiwiri ili m'mano. Werengani mano a giya yaikulu yakutsogolo, ija ili pa mapedulo, kenako mano a fuliwilo kumbuyo. Pakani choko dzino loyambira, chifukwa mafuta akuda aja amasokoneza maso. Njinga ya msuweni wanga ili ndi mano 44 kutsogolo ndi 22 kumbuyo. Tcheni sichitaya dzino ngakhale limodzi: mapedulo akazungulira kamodzi mano 44 adutsa, ndipo kuti mano 44 adutse pa fuliwilo ya mano 22, iyenera kuzungulira kawiri. Tayala lizunguliranso kawiri, njinga n'kuyenda mamita 4.4. Akaika ya mano 18, tigawa 44 ndi 18 n'kupeza 2.44, ndiye kuti kupalasa kamodzi kumutengera mamita 5.38. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mita yathunthu pa kupalasa kulikonse. Apa ndi pamene anyamata a pamthunzi aja akunena zoona.

Amene sakhulupirira masamu angathe kudzionera yekha. Kankhirani njinga chammbuyo, muona mapedulo akuzungulira okha. Yezani mtunda umene njinga yayenda pamene pedulo limodzi lachoka pansi mpaka kubwereranso pansi. Ukasiyana kwambiri ndi umene munawerengera, bwererani mukawerengenso mano.

Nambala yachitatu ndiyo yovuta, chifukwa siili pa chitsulo koma m'miyendo ya munthu. Muwerenge kuti bondo lakumanja likukwera kangati m'masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Bondo limodzi lokha. Mukawerenga kuponda kwa miyendo yonse iwiri yankho lidzatuluka lowirikiza, ndipo mudzadziwa msanga chifukwa pepala lidzakuuzani kuti wakabaza wonyamula mayi ndi mwana akuthamanga makilomita 39 pa ola. Zonse zikakwana, mawerengedwe ake ndi awa:

```
km/h = 2.2 × (44 ÷ 18) × 60 × 60 ÷ 1000 = 19.4
```

60 woyambayo ndi kupalasa kwa pa mphindi, wachiwiri ndi mphindi za mu ola, ndipo 1000 akusandutsa mamita kukhala makilomita. Munthu yemweyo akupalasa ka 60 pa fuliwilo ya mano 22 ayenda makilomita 15.8 okha pa ola.

Nanga vuto lili pati? Lili pa mawu oti "akupalasa ka 60". Mawerengedwewa amangoyankha kuti ngati miyendo ikuzungulira motere, njinga ikuyenda motere. Sanena ngati miyendoyo ingakwanitse. Fuliwilo yaing'ono sipatsa munthu mphamvu ina iliyonse. Imangochititsa kuti kuponda kulikonse kukankhe njinga mtunda wautali, ndiye kuti kuponda kulikonseko kuyenera kulemera. Kuchoka pa mano 22 kupita pa 18, phazi liyenera kuponda mwamphamvu kuposa kale ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu kuti katundu yemweyo asunthe, chifukwa 22 kugawa ndi 18 ndi 1.22.

Pa tala wosalala, njinga ili yopanda katundu, zimenezi sizimveka n'komwe. Koma kwathu anthu sakhala pa tala. Njira zochokera ku M5 kutsikira kunyanja, kumene asodzi amakochezera, n'zafumbi, malo ena mchenga wokhawokha, ndipo wakabaza amabwerako atasenza dengu la usipa kapena mayi wa geni ndi katundu wake. Onjezani mwera. M'miyezi yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, mphepo imeneyi imaomba kuchokera chakummwera, moti aliyense wolowera ku Salima amakumana nayo maso ndi maso. Mphepo ndi yankhanza kuposa mmene timaiganizira, chifukwa kukankha kwake kumakula mochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo. Woyenda makilomita 19 pa ola akakumana ndi mphepo ya makilomita 15 pa ola, chifuwa chake chikumva mphepo ya 34, ndipo imamukankha mowirikiza katatu ndi pang'ono poyerekeza ndi tsiku labata.

Tiyerekeze ulendo wa makilomita 12 pa tsiku lotero, kumbuyo kuli thumba la makilogalamu 50. Wa mano 18 uja miyendo yalemera, akupalasa ka 40 pa mphindi, nthawi zina ataimirira pa mapedulo. Mamita 5.38 kuchulukitsa ndi 40 ndi mamita 215 pa mphindi, amene ndi makilomita 12.9 pa ola. Wa mano 22 akupalasa ka 55 atakhala pa chishalo: mamita 242 pa mphindi, makilomita 14.5 pa ola. Woyamba afika patatha mphindi 56, wachiwiri mphindi 50. Manambala 40 ndi 55 ndi ongoyerekeza, ndipo munthu wina wamphamvu angathe kuwatsutsa pa ulendo umodzi. Koma kabaza si ulendo umodzi. Ndi kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, kuima ndi kunyamuka kambirimbiri, ndipo kunyamuka kulikonse pa giya yolemera kumagwera pa mawondo. Minofu imatopa msanga ikamaponda mwamphamvu pang'onopang'ono kusiyana n'kuponda mopepuka mofulumirirako.

Akatswiri a mipikisano amadziwa zimenezi bwino. Mu 1972 ku Mexico City, Eddy Merckx wa ku Belgium anayenda makilomita 49.431 mu ola limodzi, pa giya ya mano 52 kutsogolo ndi 14 kumbuyo. Titembenuze mawerengedwe athu: mtundawu ndi mamita 824 pa mphindi, ndipo giya yakeyo pa tayala la mamita pafupifupi 2.1 imayenda mamita 7.8 pa kupalasa kamodzi. Kugawa, tipeza kuti ankapalasa kopitirira ka 100 pa mphindi, ola lathunthu. Giya yake inali yolemera, inde, koma anasankha imene miyendo yake ikanatha kuizunguza mothamanga chotero.

Fuliwilo ya mano 22 nayonso ili ndi polekezera. Pobwerera wopanda katundu, mwera uli kumsana, kuti ufike makilomita 25 pa ola uyenera kupalasa ka 95 pa mphindi, ndipo pa njinga yakuda ija munthu umangodumphadumpha pa chishalo ngati ukupeta. Apo wa mano 18 akudutsa akuimba mluzu. Ndiponso pamtsetse, miyendo ikaima njinga n'kumangoyenda, mawerengedwe onsewa sagwira ntchito. Chimodzimodzi mumchenga tayala likamazungulira pamalo amodzi: pepala likuti mamita 4.4 pamene njinga yasuntha mamita atatu.

Msuweni wanga ndinamuuza kuti ngati akufunadi kusintha, agule ya mano 20. Kupalasa kamodzi kumutengera mamita 4.84. Akapalasa ka 50 ndi katundu, afanana ndendende ndi wa mano 22 wopalasa ka 55, ndipo pa tala akapalasa ka 70 adutsa makilomita 20 pa ola. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Asuweni, inu sukulu yakuonongani, njinga timayesa ndi mwendo." Sakunama kwenikweni, koma kuyesa ndi mwendo kumafuna kuti ugule kaye fuliwiloyo, pamene choko n'chopempha kwa aphunzitsi.

Kwa wokonza njinga kulinso zake zoti muyang'ane. Dzino lililonse limene mwachotsa kumbuyo limafuna kuti wilo libwerere m'mbuyo pafupifupi mamilimita atatu kuti tcheni chikungike. Kuchoka pa 22 kupita pa 20 ndi mamilimita asanu ndi limodzi, amene kawirikawiri amakwana m'mipata ya felemu popanda kudula tcheni. Kupita pa 18 ndi oposa sentimita imodzi, ndipo apo mwina adula. Tcheni chikakhala chakale chotanuka, pa fuliwilo yatsopano chimalumpha mano munthu akaponda mwamphamvu, makamaka ponyamuka ndi katundu, choncho powerengera ndalama muphatikizepo ya tcheni.