Kwacha ya chaka chachitatu ndi ndalama zingati lero?

Ntchito yanga ndi yoika mitengo pa ngongole za boma zomwe thumba la penshoni linagula. Mwezi ukamatha, abwana amafuna kudziwa kuti mabondi omwe tasunga ndi a ndalama zingati lero, ndiponso kuti tipatule zingati kuti tidzathe kulipira opuma pantchito zaka zikubwerazi. Mafunso onsewa amayankhidwa ndi chinthu chimodzi, chomwe ndi mtengo wa lero wa kwacha imodzi yodzalandiridwa tsiku lakutilakuti. Mtengo umenewu sulembedwa paliponse. Ku Amereka, kuyambira 1985, boma linalola kuti bondi izigawidwa, malipiro aliwonse n'kumagulitsidwa paokha, ndiye munthu amangowerenga mitengo yake. Kuno tili ndi matibilu a masiku 91, 182 ndi 364, omwe amalipira kamodzi pamapeto, koma kupitirira chaka zonse ndi mabondi okhala ndi makuponi. Mitengo ya zaka zimenezo timachita kuifukula tokha, ndipo njira yake anzanga a m'mabanki amaitcha butusitirapu.

Anthu ambiri amakhutira ndi yilidi, chiwongoladzanja chimodzi chomwe chimalengezedwa pa bondi iliyonse. Ine ndimaigwiritsa ntchito pokambirana mtengo pa foni, koma sindingawerengere nayo penshoni ya munthu. Bondi ya zaka zitatu imalipira kuponi chaka choyamba, kuponi chaka chachiwiri, kenaka kuponi ndi ndalama yobwereka ija chaka chachitatu. Yilidi imatenga malipiro atatuwa n'kuwapatsa chiwongoladzanja chimodzimodzi, pomwe msika umalipiritsa mosiyana pa ndalama ya chaka chimodzi ndi ya zaka zitatu. Chomwe ndimafuna ndi sipoti reti, kutanthauza chiwongoladzanja cha ndalama yolipidwa kamodzi kokha pa tsiku limodzi, popanda kuponi pakati.

Maganizo a butusitirapu ndi a pa okala. Mukagula shuga ndi sopo n'kulipira pamodzi, ndipo mtengo wa shuga mukuudziwa, wa sopo mumaupeza pochotsera. Tiyeni tione ndi manambala omwe ndasankha kuti masamu aoneke bwino. Bondi iliyonse ndi ya K100, ndipo kuponi tiyerekeza kuti imabwera kamodzi pachaka.

Ndimayambira pa tibilu ya chaka chimodzi. Tinene kuti ikugulidwa K80.00 kuti idzabweze K100. Ndiye kuti kwacha imodzi ya chaka chamawa lero ndi 80 tambala. Nambala imeneyi, 0.80, ndimailemba mu Excel pansi pa dzina la D1. Sipoti reti yake ndi 25 peresenti, poti K80 ikabereka K20 ndiye yakwana K100.

Kenaka pali bondi ya zaka ziwiri, ya kuponi ya K20, yomwe ikugulidwa K89.20. Idzalipira K20 chaka chamawa ndi K120 chaka chinacho. K20 yoyambayo mtengo wake ndaudziwa kale: 20 kuchulukitsa ndi 0.80, yomwe ndi K16.00. Ndikachotsa K16.00 pa K89.20 patsala K73.20, ndipo imeneyi ndi yomwe wogula akulipirira K120 ya chaka chachiwiri. Kugawa 73.20 ndi 120 kukupereka 0.61, ndiye D2 yathu. Kwacha ya chaka chachiwiri ndi 61 tambala lero. Kuti ikhale chiwongoladzanja cha pachaka ndimalemba motere:

```
sipoti = (1/D)^(1/zaka) - 1
```

Yankho lake ndi 28.04 peresenti. Yilidi ya bondi yomweyi ndi 27.74, yatsikirapo chifukwa K20 yofika msanga ija ikuikokera ku 25 peresenti.

Bondi ya zaka zitatu ili ndi kuponi ya K24 ndipo ikugulidwa K89.64. Kuponi yoyamba lero ndi K19.20, yachiwiri ndi 24 kuchulukitsa ndi 0.61, yomwe ndi K14.64. Zonse ziwiri ndi K33.84. Patsala K55.80 yolipirira K124 ya chaka chachitatu, choncho D3 ndi 0.45, ndipo sipoti reti ndi 30.50 peresenti. Yilidi ya bondiyi ili pafupi 29.7. Mpata wakula, ndipo umakulirakulirabe zaka zikamatalika, makamaka kwathu kuno komwe makuponi ndi akuluakulu.

Mpata umenewu ndi ndalama zenizeni. Ngati thumba lathu liyenera kudzalipira K500 miliyoni pakatha zaka zitatu, D3 ikuti tipatule K225 miliyoni lero. Wowerengera ndi yilidi ya 29.7 apeza pafupi K229 miliyoni. Kusiyana kwa K4 miliyoni kwabwera chifukwa chongosankha nambala yolakwika, ndipo pa malipiro a zaka khumi kumakhala koopsa kuposa apa.

Ma D atatu aja akakhala pamzere, fowadi reti sivuta. Fowadi reti ndi chiwongoladzanja cha nthawi yomwe idzayambe m'tsogolo, chomwe mitengo ya lero ikuloza. Ndili ndi K100 yoti ndiisunge zaka ziwiri. Ndikaiika zaka ziwiri molunjika pa 28.04 peresenti, idzakhala K163.93. Ndikagula tibilu ya chaka chimodzi, idzakhala K125, ndipo ndidzafunanso poiika chaka chachiwiricho. Kuti njira ziwirizi zifanane, K125 iyenera kudzakula kufika K163.93, komwe ndi kubereka 31.15 peresenti. Njira yachidule ndi kugawa D wa kumayambiriro ndi D wa kumapeto:

```
fowadi(1,2) = D1/D2 - 1 = 0.80/0.61 - 1
fowadi(2,3) = D2/D3 - 1 = 0.61/0.45 - 1
```

Chaka chachiwiri ndi 31.15 peresenti, chachitatu ndi 35.56.

Pamenepa ndimayesetsa kulankhula mosamala ndikakhala pamaso pa komiti. Mkulu wina amatha kufunsa kuti, “Ndiye mukutiuza kuti chaka chamawa tibilu idzakhala pa 31 peresenti?” Ndimayankha kuti ayi, bwana, imeneyi ndi malire pomwe njira ziwiri zija zimalingana. Ngati akuona kuti tibilu idzakhala pansi pa 31.15, kuli bwino kumanga ndalama zaka ziwiri lero. Ngati akuona kuti idzapitirira, kuli bwino kukhala pa matibilu. M'kati mwa 31.15 muli zomwe anthu akuyembekeza, komanso muli malipiro a mantha. Yemwe anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 samanga ndalama zake zaka zambiri popanda kufuna kenakake pamwamba, ndipo masamu athuwa sangalekanitse mbali ziwirizo.

Chomwe chimandipangitsa kuikonda fowadi reti ndi china: ndi imene imaulula zolakwika. Tiyerekeze kuti mtengo wa bondi ya zaka zitatu walowa K88.64 m'malo mwa K89.64, kuperewera kwa kwacha imodzi yokha. Makuponi awiri aja mtengo wake susintha, choncho kwacha yonseyo ikugwera pa malipiro omaliza. D3 ikutsika kufika 0.4419. Sipoti reti ikuchoka pa 30.50 kufika pa 31.28, zomwe munthu angazidutse osazindikira. Koma fowadi ya chaka chachitatu ikudumpha kuchoka pa 35.56 kufika pa 38.03. Ndipo popeza D3 yotsika udyoyi ndi yomwe imakhala poyambira pa fowadi ya chaka chachinayi, imeneyo imagwa pansi. N'chifukwa chake ndikamaliza ndimayamba ndajambula mafowadi ndisanayang'ane china chilichonse. Ndikaona imodzi yakwera njo, yotsatira yake yagwa, ndimadziwa kuti vuto lili pa bondi yomwe imathera pakati pa ziwirizo, ndipo ndimapita kukafufuza mtengo wake.

Nthawi zambiri gwero lake limakhala chiwongoladzanja chomwe chasonkhana kale. Mitengo yomwe madila amatchula kawirikawiri imakhala yosaphatikiza gawo la kuponi lomwe labereka kuchokera tsiku la malipiro apitawo, pomwe wogula amalipira ndi gawolo lomwe. Butusitirapu imafuna mtengo wathunthu, ndalama yeniyeni yotuluka m'thumba. Pa kuponi ya K24 pachaka, mwezi umodzi wokha ndi K2, kuwirikiza kawiri cholakwika chomwe tangochiona chija. Gwero lina ndi mtengo wogona. Mabondi athu ambiri amagulidwa pa okushoni ya banki yaikulu n'kusungidwa mpaka kumapeto, ndiye pa bondi ina mtengo womwe ulipo umakhala wa masabata angapo apitawo. Kuuika pamzere umodzi ndi tibilu ya sabata ino ndi kusakaniza misika iwiri yosiyana. Ine bondi yotere ndimaichotsa pa mndandanda, bola kukhala ndi mfundo zochepa zodalirika. Chachitatu ndi kawerengedwe. Mabondi enieni amalipira kuponi kawiri pachaka, ndipo 28 peresenti yolipidwa kawiri pachaka ndi 29.96 peresenti ikawerengedwa kamodzi pachaka. Ma D alibe vuto limeneli, choncho ine ntchito yonse ndimaichitira pa ma D, n'kusandutsa mapeto ake okha kukhala chiwongoladzanja, pamwamba pa tebulo n'kulembapo kawerengedwe komwe ndatsata.

Pali malo amodzi pomwe masamu amatha, n'kutsala chisankho cha wogwira ntchito. Boma limatulutsa mabondi a zaka 2, 3, 5, 7 ndi 10. Ndikachoka pa ya zaka zitatu kupita pa ya zaka zisanu, ndili ndi mtengo umodzi koma osadziwika awiri, D4 ndi D5, ndipo makuponi akakhala a miyezi isanu ndi umodzi osadziwikawo amakhala anayi. Kuchotsera kuja sikukwanira. Ndiyenera kuganizira momwe mzere ukuyendera pakatipo. Ena amalumikiza masipoti reti ndi mzere woongoka. Ine ndimatenga kuti fowadi reti ndi imodzimodzi pa mpata wonsewo, chifukwa pamenepo ndikuona ndi maso chomwe ndalonjeza, ndipo ma D amapitiriza kutsika malinga fowadiyo ili pamwamba pa ziro. D4 imakhala D3 yogawidwa ndi 1 kuphatikiza fowadi, D5 imakhala D3 yogawidwa motero kawiri, ndipo ndimagwiritsa ntchito Goal Seek kusuntha fowadiyo mpaka malipiro onse a bondi ya zaka zisanu atakwana mtengo wake wa pamsika. Fowadi ya chaka chachinayi yotuluka motere theka ndi ya msika, theka ndi yanga, ndipo mu lipoti ndimailemba ndi mtundu wina kuti owerenga asaidalire ngati ya chaka chachiwiri.

Ndisanatumize tebulo ndimabwerera pa bondi iliyonse yomwe ndagwiritsa ntchito, n'kuchulukitsa malipiro ake ndi ma D, kuti ndione ngati mtengo wake ukubwereranso mpaka pa tambala. Kenaka ndimatenga bondi imodzi yomwe ndinaisiya dala, n'kuiwerengera ndi ma D omwewo. Ikasiyana ndi mtengo wa pamsika ndi matambala ochepa, tebulo limapita kwa abwana. Ikasiyana ndi kwacha yathunthu kapena kuposerapo, ndimaimbira madila awiri kuti anditchulire mtengo womwe angaigulire lero.