Nthabwala Zimene Sungazibweze

Anthu a chinenero chathu amadziwa kuseka. Msuweni amakutcha mkazi wake pagulu, agogo amauza mdzukulu kuti ndi mwamuna wawo waulesi, ndipo ku Zambia Angoni ndi Abemba amanyozana ngakhale pamaliro mwa chimbuya, wina osakwiya. Koma nthabwala zonsezi zili ndi lamulo limodzi limene silitchulidwa chifukwa aliyense amalidziwa: wonyozedwa ali ndi ufulu wobweza. Msuweni akakugenda ndi mawu, nawe umatola ako. Mu ofesi lamulo limeneli limathyoka, pakuti woyambitsa nthabwala akakhala yemwe amasaina lipoti la kagwiridwe kako ka ntchito, iwe sungabweze. Kuseka kwako kumasanduka msonkho wolipira kuti ukhalebe pa mpando.

Izi n'zimene zinagwera mayi wina wa zaka 31 amene analembedwa ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Lilongwe. Anali pabanja zaka zinayi, mphatso ya mwana isanabwere. Mkulu wa nthambi yake anali bambo wa imvi, wodziwadi ntchito, wokondedwa ndi ambiri, amene ankatchula atsikana onse a mu ofesimo kuti “mwana wanga”. Poyamba ankangofunsa pa nthawi ya tiyi kuti, “Nanga mwana wanga, tidya liti phwando la chikuta?” Patapita masabata mawuwo anakula: “Mukunenepatu, koma si kunenepa kumene tikudikira.” Kenaka tsiku lina, pamaso pa anthu anayi, anati, “Ngati bambo akunyumba zikuwavuta, nenani, afisi tilipo.” Anthu anaseka. Nayenso anaseka, kenaka anapita kuchimbudzi kukatsuka kumaso.

Chovuta chinali chakuti mayiyu anali m'mwezi wachinayi wa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa ntchito. Lamulo la ntchito la ku Malawi la mu 2000 limalola kuti nthawi yoyesedwa ifike miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo mgwirizano ukhoza kuthetsedwa popanda kupereka chenjezo la masiku. Amene akanati “ndi wabwino, akhale” kapena “sakukwanitsa” anali bambo omwewo. Amene amalangiza kuti “ingowayankhani, asakuzolowereni” kawirikawiri saganiza za lendi ya ku Area 25 ndi fizi ya mng'ono wake imene inkachokera m'malipiro omwewo.

Choyamba chimene anachita chinali chaching'ono kwambiri: analeka kuseka. Sanakwinye nkhope, sanatuluke m'chipinda. Ankangoyang'ana bambowo mwaulemu, n'kukhala chete kamphindi, n'kunena za ntchito: “Bambo, malisiti a ku Kasungu aja ndamaliza, ndibweretse tsopano?” Akale anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, kutanthauza kuti wamkulu sumukana maso ndi maso, umangochita zoti chinthucho chisatheke. Nthabwala imakhala ndi moyo chifukwa cha phwete la omvera. Mwini nkhani akakhala chete, enawo amayamba kumva manyazi ndi kuseka kwawo, ndipo awiri mwa anzake analekadi. Kwa akuluakulu ambiri, amene amalankhula mosaganiza osati mwadala, zimenezi zimakwana. Apa mpamene munthu amazindikira mtundu wa amene akulimbana naye. Wolankhula mosaganiza akaona kuti palibe woseka, amasiya. Wofuna kuonetsa mphamvu amawonjezera, kapena amasamutsa mawuwo kuchoka pagulu kupita nawo pamene muli awiri. Bambowa anachita chachiwirichi. Anayamba kumuitanira mu ofesi mwawo madzulo, n'kumafunsa ngati anapitako kwa asing'anga.

Kuyambira tsiku limenelo mayiyu anagula kope la ana asukulu, n'kumalembamo. Sankalemba mmene mtima ukupwetekera, koma zinthu zinayi zokha: tsiku ndi ola, malo, mawu enieni monga anatulukira, ndi amene analipo. Mawuwo ankawalemba m'Chichewa momwemo, chifukwa “afisi tilipo” ukawamasulira m'Chingerezi amasanduka nkhani ya nyama zakutchire, ndipo wowerenga wosadziwa mwambo wa fisi sangaone cholakwa. Kopelo linkakhala kunyumba, osati m'dirowa la ku ofesi kapena pa kompyuta ya kampani, pakuti tsiku limene munthu wachotsedwa ntchito, makiyi ndi kompyuta zimatsala komweko. Anasunganso chinthu china chimene ambiri amaiwala: umboni wakuti ntchito ankaigwira bwino. Uthenga uliwonse wa bambowo wonena kuti “mwachita bwino” anausunga. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Wamkulu akakanidwa sanena kuti “wandikana”. Amanena kuti “ntchito yake yatsika”.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi utatha ndipo kalata yomukhazikitsa pa ntchito itafika m'manja mwake, mpamene analankhula. Ena anganene kuti anachedwa, ndipo n'zoona kuti miyezi iwiri ija inamudya tulo. Kukanakhala kugwiridwa thupi kapena kuopsezedwa, kudikira kukanakhala kulakwitsa. Zotero sizidikira kalata. Koma pa mawu okha, kudikira kunasintha malo amene anaimapo, chifukwa wokhazikitsidwa sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza.

Anasankha m'mawa wa Lachiwiri, atapereka lipoti limene linalibe cholakwa, chitseko chili chotsegula. Mawu ake anawakonzeratu kunyumba mpaka anafupika: “Bambo, ndimakulemekezani ngati kholo, ndipo ndaphunzira zambiri kwa inu. Koma nkhani ya ana ndi ya bambo akunyumba imandipweteka. Ndikupempha kuti tisamaikambe, kaya pagulu kaya tili awiri.” M'mawu amenewa mulibe “mumandinyoza” kapena “ndinu otere”. Mawu oweruza khalidwe la munthu amamupatsa choti atsutse, ndipo mkulu wa zaka zambiri pa ntchito amapambana mkangano wotero nthawi zonse. Koma palibe angatsutse kuti chinthu chimakupweteka. Mulibenso kupepesa kapena kufotokoza za kuchipatala, chifukwa kufotokoza kumatsegula khomo lomwe ukufuna kutseka.

Yankho linabwera monga limabwerera kulikonse: “Aa, mwana wanga, ndimangoseka. Ana a masiku ano simudziwa nthabwala.” Apa mpamene ambiri amagwera, chifukwa ulemu umawakoka kuti anene “ayi bambo, palibe vuto”, n'kufafaniza zonse zimene anena. Iye anati, “Ndamva, bambo. Komabe ndikupempha tisamaikambe.” Anabwereza pempho lomwelo osawonjezera kanthu, anathokoza, n'kutuluka. Madzulo analemba m'kope muja tsiku, ola ndi mawu a onse awiri. Mzere umenewo ndiwo unali wofunika kuposa ina yonse, pakuti kuyambira pamenepo bambowo sakanathanso kunena kuti sankadziwa kuti mawu awo ndi osafunika.

Nthabwala zinatha, koma kunabwera kuzizira. Moni unafupika. Ulendo wa kuntchito wa ku Mzuzu, umene unali ndi alawansi ya masiku asanu, unapatsidwa kwa wina. Kuzizira kwa sabata imodzi kapena ziwiri ndi manyazi a munthu wamkulu amene wauzidwa zoona ndi mwana, ndipo ndi bwino kukusiya kuti kuphwe kokha. Kubwezera kumaoneka mosiyana: ntchito zimene unkapatsidwa zimachotsedwa, misonkhano imachitika iwe osauzidwa, zolakwa zing'onozing'ono zimene kale zinkakonzedwa pakamwa zimayamba kubwera m'makalata. Ulendo umodzi sunali umboni. Utadutsa wachiwiri, anapita kwa mayi wina wachikulire wa nthambi yogula katundu, amene anayamba ntchito chaka chimodzi ndi bambo aja ndipo ankatha kuwaitana ndi dzina la mfunda. Sanapite kukadandaula ngati miseche, anapempha chinthu chimodzi: “Amayi, mundilankhulireko, monga ankhoswe amachitira.” Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo lina likayamba kuyaka lokha, umafuna dambo lina la msinkhu womwewo. Zimene anakambirana awiriwo sizinamveke, koma pa ulendo wachitatu dzina lake linabwerera pa ndandanda.

Kukanapanda kutero, sitepe yotsatira inali kalata yopita kwa oona za antchito, yokhala ndi masiku ndi mawu a m'kope muja, iye n'kusunga ina yodindidwa. Lamulo linali kumbali yake. Ku Malawi lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limawerenga mawu osafunika okhudza zogonana ngati mlandu, osati kugwira thupi kokha, ndipo chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu limalandira madandaulo otere. Ku Zambia kuli lamulo lofanana nalo la mu 2015. Abale a ku Joni ali ndi CCMA, kumene mlandu wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo uyenera kufika pasanathe masiku 30. Koma malire ake ayenera kunenedwa poyera. Funso la phwando la chikuta, ngakhale limalasa mtima, n'lovuta kuliimika pamaso pa khoti. Mawu a fisi ndiwo anadutsa mzere. Ndipo a ofesi yoona za antchito amalipidwa ndi kampani, kotero amathamanga akaona pepala lokhala ndi masiku, osati misozi. Kusiya ntchito mwaukali n'kudzasuma pambuyo pake n'kotheka, chifukwa lamulo limazindikira munthu amene wathawitsidwa ndi khalidwe la omulemba ntchito, koma umboni umafunika kwa wosiyayo, ndipo milandu ya kukhoti la za ntchito imatenga nthawi pamene lendi sidikira.

Za mtendere wa mumtima, mayiyu anadziikira malire awiri. Kope lija ankalitsegula kamodzi patsiku, asanaphike, n'kulitseka. Zimene zalembedwa sizinafunikenso kuzibwereza m'mutu usiku pofuna kuti zisaiwalike. Ndipo anasankha anthu awiri okha owauza: mchemwali wake wamkulu ndi mwamuna wake. Kwa mwamunayo anadikira mpaka atalankhula kale ndi bambo aja, kuti nkhaniyo ifike ngati yothetsedwa, pakuti mawu a fisi ananyoza mwamunayo koposa, ndipo mwamuna wolusa pa geti la kampani akanawononga m'mphindi zisanu zonse zimene zinamangidwa m'miyezi itatu. Pa gulu la WhatsApp la a mu ofesi sanalembepo kalikonse, ngakhale mwambi wozungulira.

Bambo aja sanapepese. Analeka kumutcha “mwana wanga”, n'kuyamba kumutchula “mayi” ndi dzina la bambo ake, monga amatchulira alendo ochokera ku banki. Alawansi ya maulendo awiri aja sinabwerere. Mtsikana wina atalembedwa ntchito m'nthambi yomweyo chaka chotsatira, mayiyu anamuitana kukadya naye nkhomaliro m'sabata yoyamba, ndipo pobwerera anadutsira pa golosale kukamugulira kope.