Sivi ya kiliniko ofesala imanena zimene manja anagwira

Ntchito yanga ndi kulembera anthu mapepala ofunsirira ntchito. Ndili ndi kachipinda ku Kawale, momwe muli tebulo, kompyuta, pulinta ndi mipando iwiri. Ndisanayambe zimenezi ndinali kiliniko ofesala kwa zaka zambiri, ndipo chakumapeto ndinkakhala nawo pagulu lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito. N'chifukwa chake ambiri obwera kwa ine ndi achipatala ochokera ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Area 25, amene atumikira pachipatala chaching'ono ndipo tsopano akufuna kupita ku Bwaila, kuchipatala chachikulu cha Kamuzu, kapena kuzipatala za mishoni monga Nkhoma, Likuni ndi Namitete. Sivi timailemba m'Chingerezi, koma timaikonza m'Chichewa, pokambirana.

Sindiyamba ndi kulemba. Ndimayamba ndi kufunsa kuti pepalali adzaliwerenga ndani. Woyamba kuligwira ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene amangoona ngati zofunika zonse zilipo. Wachiwiri ndi mkulu wa wodi, ndipo iyeyu ali ndi funso limodzi mumtima: munthu uyu ndingamusiye yekha usiku? Mzere uliwonse wa sivi uyenera kuyankha mmodzi mwa awiriwa. Umene suyankha aliyense ndimauchotsa, ngakhale ukhale wokoma bwanji.

Wa ku ofesi timamuyankha pamwamba penipeni. Pansi pa dzina ndi nambala ya foni ndimalemba nambala imene bungwe la Medical Council of Malawi linamupatsa munthuyo, ndi chaka chimene chiphaso chake chogwirira ntchito chikuthera. Chiphasochi amachikonzanso chaka ndi chaka, ndipo wofunsira ntchito ndi chiphaso chotha amagwa asanawerengedwe. Kenako dipuloma: anaitenga ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo ku Thyolo, chaka chiti, ndipo chaka chophunzira ntchito akuyang'aniridwa anachitira pachipatala chiti. Amene anayamba ndi satifiketi ya mediko asisitanti n'kudzakwera pambuyo pake, ndimalemba zonse ziwiri ndi zaka zake, chifukwa zaka zimene anagwira asanakwere ndi luso ndithu, koma siziwerengedwa ngati zaka za kiliniko ofesala. Kuzisakaniza kumaoneka ngati chinyengo ngakhale munthuyo sanafune kunama.

Ntchito yeniyeni ili pa mawodi ndi pa zimene munthu amachita ndi manja. Ndikuuzeni za achemwali ena a ku Area 23, amene anagwira zaka zinayi pachipatala chaching'ono cha m'tauni ndipo ankafunsira malo ku wodi ya amayi oyembekezera pachipatala chachikulu. Sivi imene anabwera nayo inkangoti ankaona odwala, kulemba mankhwala, kutumiza odwala kuchipatala chachikulu ndi kugwira ntchito zina zimene mkulu wawo anawapatsa. Zonsezo zinali zoona, koma kiliniko ofesala aliyense m'Malawi akanatha kusaina pansi pake. Ndinawafunsa kuti, “Achemwali, mayi akabwera usiku akutaya magazi atachira, ambulansi isanafike, inu mumatani?” Anayankha kuti, “Bambo, zimenezo ndi za tsiku ndi tsiku,” n'kuyamba kufotokoza mwadongosolo: kusisita chiberekero, okisitosini, madiripi awiri, kuona ngati nsengwa yatuluka yonse, kufufuza pamene pang'ambika. Zonsezi papepala panalibe.

Tinayamba ndi malo ogwirira ntchito. Sindilemba dzina la chipatala lokha. Ndimalemba kuti munthu anali mbali iti, kwa miyezi ingati, ndipo ankagwira ndi ndani. Kwa achemwaliwa tinalemba mizere itatu: koonera odwala oyendera, zaka zinayi, ndi chiwerengero cha odwala amene ankaona patsiku chotengedwa mu kaundula, kuchiliniki cha mankhwala otalikitsa moyo ndi chifuwa chachikulu, zaka ziwiri, kumatenite, oitanidwa usiku ndi azamba pakavuta, zaka zitatu. Pa chaka chawo chophunzira ntchito tinatchula mawodi anayi amene anazungulira, ya ana, ya akuluakulu, ya opaleshoni ndi ya amayi. Mkulu wa wodi amafuna kudziwa ngati munthu anayendapo ndi wodwala wogonekedwa kuyambira tsiku lolowa mpaka lotuluka, chifukwa kuona munthu kwa mphindi zochepa n'kumulembera mankhwala n'kosiyana ndi kumutsata mawa ndi mkuja, n'kuzindikira kuti akutsika.

Pa zochita ndi manja ndimakonza katebulo ka magawo anayi: chimene anachita, kangati, anachita motani, ndipo komaliza ndi liti. Gawo lachitatu ndiye mtima wa sivi yonse. Ndimasiyanitsa zinthu zitatu: zimene munthu amachita yekha, zimene anachita wamkulu ataima pambali, ndi zimene anangothandizira. Achemwaliwa anafuna kulemba opaleshoni ya siza pamwamba, podziwa kuti m'zipatala za m'maboma opaleshoni zambiri zotere amachita ndi makiliniko ofesala. Titatsegula logibuku yawo tinapeza kuti anachita 12 ali pa chaka chophunzira ntchito, zonse akuyang'aniridwa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sanalowenso mu fiyeta, chifukwa pamene ankagwira panalibe fiyeta. Tinalemba momwemo: siza, 12, moyang'aniridwa, komaliza zaka zinayi zapitazo. Anadandaula kuti mzerewo ukuwachepetsa. Ndinawauza kuti wowerenga akaona mzere woona ngati umenewo amakhulupirira mizere yonse yotsatira, komanso amadziwa kuti miyezi yoyamba awaike pafupi ndi wamkulu. Wolemba kuti amatha siza yekha amaikidwa pa ndandanda ya usiku, ndipo amene amalipira bodzalo ndi mayi amene wagona patebulo.

Mphamvu yawo inali kwina. Pali zinthu zisanu ndi ziwiri zimene chipatala chaching'ono chiyenera kukwanitsa pa mavuto a uchembere: kubaya mankhwala opha tizilombo, kupereka mankhwala okhwimitsa chiberekero, kupereka maginiziyamu kwa mayi wothamanga magazi amene akukomoka, kuchotsa nsengwa ndi dzanja, kuyeretsa m'chiberekero mayi akapita padera, kuthandiza mwana kubadwa ndi vakyumu, ndi kutsitsimutsa khanda lobadwa losapuma. Chipatala chachikulu chimaonjezerapo ziwiri, siza ndi kuika magazi. Mkulu aliyense wa wodi ya amayi amaudziwa mndandandawu pamtima, choncho tinautsata momwemo. Zisanu ndi chimodzi ankachita okha, ndipo tinaika chiwerengero cha miyezi 12 yapitayo. Vakyumu tinailemba kuti anathandizira chabe. Pansi pake tinaika zina zochepa: kutenga madzi a m'fupa la msana, kusoka mabala, kutumbula zithupsa, kumanga chikhakha, ndi kuyamba atesuneti kwa mwana wa malungo aakulu asanamutumize.

Manambalawa sitichotsa m'mutu. Amene logibuku yake inatha kalekale ndimamubweza kuti akapemphe chilolezo kwa mkulu wa chipatala, akawerenge mu kaundula wa kumatenite kapena wa chipinda chosokera, ndipo mkuluyo asaine pansi pa chiwerengerocho. Asajambule masamba a kaundula, chifukwa muli mayina a odwala. Nambala yopeka imadziwika msanga. Imakonda kuthera pa ziro, sigwirizana ndi kukula kwa chipatala, ndipo mwini wake akafunsidwa pa intavyu kuti afotokoze wodwala mmodzi amene zinavuta, amayamba kunena za m'buku m'malo monena za munthu.

Pa maphunziro opitiriza, anthu amabwera ndi envelopu yodzaza masatifiketi a misonkhano ya ku Mponela ndi ku Salima, ndipo amafuna onse alowe. Ndimasankha asanu kapena asanu ndi limodzi okha. Choyamba, akhale okhudza wodi imene akufunsira. Chachiwiri, akhale a posachedwa, chifukwa ndondomeko zimasintha. Munthu amene anaphunzira za mankhwala otalikitsa moyo mu 2011, pamene dziko lino linayamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, ayenera kuonetsa kuti anaphunziranso atayamba kugwiritsa ntchito dolutegiraviya mu 2019. Pa phunziro lililonse ndimalemba mutu wake, amene anakonza, chaka, masiku angati, ndiponso ngati linali ndi mayeso. Maphunziro osankha ana odwalitsitsa pamzere n'kuwathandiza msanga, amene anakulira kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre, amalemera kwambiri kwa wofunsira wodi ya ana kuposa msonkhano wa tsiku limodzi umene anangosaina kuti analipo. Kabuku kolembamo mapointi a maphunziro opitiriza, amene bungwe la Medical Council of Malawi limafuna pokonzanso chiphaso, kayenera kugwirizana ndi zimene zili pa sivi.

Pali chinthu china chimene anthu amaiwala: zimene anachita atabwerako kumaphunziro. Achemwaliwa atamaliza maphunziro otsitsimutsa makanda anakonza kangodya m'chipinda chochirira kokhala ndi thumba lopumitsira mwana ndi nsalu zouma, ndipo ankaphunzitsa anzawo pamsonkhano wa m'mawa. Anagwiranso kumsasa wa odwala kolera pa mliri wa 2022 ndi 2023, umene unavuta kwambiri m'makomboni a Lilongwe. Zonsezi tinazilemba, chifukwa chipatala chachikulu chimalandira ophunzira, ndipo chimafuna munthu wodziwa kuonetsa mnzake. Amene ali pa digiri ku Kamuzu University of Health Sciences ndimamulembera chaka chimene wafika, osati kulemba ngati wamaliza kale.

Omuchitira umboni akhale atatu, ndipo mmodzi akhale munthu amene anamuonadi akugwira wodwala. Abusa ndi amalume amadziwa khalidwe, koma sangayankhe ngati munthu amadziwa kuyeza mlingo wa maginiziyamu. Ndimapempha wofunsira ntchitoyo awaimbire onse atatu tili pomwepo, kuti tidziwe ngati nambala zikugwira komanso ngati avomera. Sivi yonse ndimaisunga m'masamba awiri, pena atatu. Makope a masatifiketi amakadinditsa kwa wolumbiritsa, ndipo potumiza pa imelo ndimasandutsa zonse kukhala fayilo imodzi ya PDF yokhala ndi dzina la mwini wake.

Ndisanapulinte ndimamupatsa munthuyo pepala kuti awerenge mokweza, ine n'kumuimitsa paliponse pamene ndafuna: wodwala womaliza amene munamuchotsa nsengwa ndi dzanja anabwera bwanji, munamupatsa chiyani, anatha bwanji? Mzere umene wayankha mosadodoma umakhala. Umene wachita nawo chibwibwi timautsitsira ku gawo la moyang'aniridwa, kapena kuufufuta. Ena amanyinyirika poona sivi yawo ikufupika, koma ine ndimakana kulemba chimene mwini wake sangachichite usiku umene adzakhale yekha pa wodi.