Imelo yachiwiri ikhale yokwana payokha

Ntchito yanga ndi yotayipa makalata, kusikana masatifiketi ndi kutumizira anthu maimelo ofunsira ntchito. Kashopu kanga kali pafupi ndi depoti ya basi. Mwa makalata onse amene ndimalemba, imene anthu amachita nayo mantha ndi youza olemba ntchito kuti imelo yoyamba inali yolakwika. Ambiri amafuna kungokhala chete, ati mwina abwana saona. Koma amene akusankha anthu mazana pa malo amodzi amafunafuna chifukwa chochotsera ena, ndipo fayilo yolakwika ndi chifukwa chokwanira.

Mtsikana wina ankafunsira ukalaliki wa zachuma, ndipo anatumiza yekha pa foni. Atafika kwa ine kudzasindikiza kalatayo, tinatsegula `Sent` ndi kupeza kuti kalata imene anaphatikiza inali yopita ku kampani ina kumene anafunsirako mwezi wathawo, dzina la kampaniyo lili pamwamba penipeni. Satifiketi ya MSCE inali chithunzi cha pa WhatsApp chotchedwa `IMG-20240312-WA0007.jpg`, chosawerengeka bwino. Mavuto ambiri amayambira pa mayina otere. Mafayilo akamafanana mayina, chala chimagwira iliyonse.

Anandifunsa kuti, "Achimwene, sizingatheke kuibweza?" Sizingatheke. Batani la `Undo` pa Gmail limakhala masekondi ochepa, osaposa 30 ngakhale mutalitalikitsa, ndipo `Recall` ya pa Outlook imagwira pakati pa anthu a bungwe limodzi. Kufufuta imelo mu `Sent` kumangoichotsa kwa inu, kwa iwo ikadalipo.

Ndisanalembe liwu lililonse ndinayamba ndakonza mafayilo. Kalata tinaikonza, satifiketi tinaisikana bwino, zonse tinazisandutsa PDF ndi kuzipatsa mayina oyamba ndi dzina lake, monga `Dzina_CV.pdf` ndi `Dzina_MSCE.pdf`. Kenaka ndinamuuza kuti atsegule fayilo iliyonse ndi kuiwerenga mokweza. Munthu wamantha amathamangira kutumizanso, ndipo kulakwitsa kachiwiri ndiye kumapha. Kamodzi amakhululuka, koma imelo yachitatu imaonetsa kuti ndi khalidwe lako.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Mukatsegula imelo yakale ndi kudina `Forward`, mafayilo akale amatsagana nayo, kotero kalata yolakwika ija imapitanso. Mukadina `Reply`, mafayilo akale satsagana konse, ndipo amene wangophatikiza kalata yokonzedwa yokha amasiya CV ndi satifiketi mu imelo yoyamba. Wolandira ayenera tsopano kutola chidutswa uku, chidutswa uko, ndipo sangachite zimenezo chifukwa cha munthu mmodzi. Nchifukwa chake ine ndimaumirira kuti imelo yachiwiri inyamule zonse, zolondola kale ndi zokonzedwa zomwe, kuti iwo angofufuta yoyambayo popanda kutaya kanthu. Ndimakonda kuyamba imelo yatsopano, mutu wake ukhale womwe uja wa pachiyambi, nambala ya ntchito osaisintha chifukwa maofesi ambiri amasanja maimelo potsata nambalayo, ndi kungowonjezera mawu amodzi kutsogolo:

```
CORRECTED: Application for Accounts Clerk, Ref. 14
```

Mawu a m'kati tinawalemba m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha maofesi, koma mfundo zake zinali izi: "Dzulo ndinatumiza kalata yofunsira ntchito ya ukalaliki wa zachuma. Ndazindikira kuti kalata imene ndinaphatikiza si yoyenera. Pepani chifukwa cha cholakwikacho. Chonde musagwiritse ntchito imelo yoyambayo. Ino ili ndi kalata yolondola, CV ndi satifiketi ya MSCE." Pansi tinaika dzina lake ndi nambala ya foni.

Iye ankafuna kuwonjezera kuti netiweki inavuta, magetsi anazima, ndiponso kuti amumvere chisoni chifukwa ndi mwana wamasiye. Ndinakana. Kwathu kuno tinazolowera kupepesa motalika, mogwada, ndipo pamaso pa akuluakulu nkoyenera. Koma wowerenga imelo akufuna kudziwa chimene chalakwika ndi kumene kuli cholondola. Netiweki siisankha fayilo, ndipo iwo akudziwa. "Pepani" mmodzi woona mtima amakwana.

Sikuti cholakwika chilichonse chimafuna imelo yachiwiri. Chilembo chimodzi chosoweka m'kati mwa CV ndimati chisiyeni. Koma nambala ya foni yolakwika, fayilo yosoweka, kapena chiphaso cha munthu wina, zimenezo konzani tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi chiphaso cha mwini wake pemphani kuti achifufute. Tsiku lotsekera likadutsa ndimatumizabe, koma ndimamuuza kasitomala poyera kuti ofesi ili ndi ufulu wosailandira. Mtsikanayu anali ndi masiku otsala. Titadina `Send` tinabwereranso mu `Sent`, ndipo anatsegula mafayilo atatu onse imodziimodzi asanandilipire.