Hamonika sinali gong'a

Tinatsala pang'ono kubweza hamonika ku Kamwala kumene tinaigula. Kunali kutatsala masiku anayi kuti tikaimbe pa ukwati wa mnzathu ku Matero, koma nthawi iliyonse tikauzira, mawu ake anali kumenyana ndi gitala. Tinati basi, atigulitsa gong'a. Kansi vuto inali kiyi.

Hamonika ya mabowo 10 ili ndi kiyi imodzi chabe, ndipo amailemba pa thupi pake. Yathu inalembedwa C. Manje funso ndi lakuti, nyimbo ikakhala mu G, utenga iti?

Njira yoyamba ndi yapafupi: nyimbo mu G, hamonika ya G. Kwanu ndi pa bowo 4 pouzira. Iyi ndiyo ya nyimbo za kutchalitchi, pamene ufuna kutsatira woimba liwu ndi liwu.

Njira yachiwiri ndi ya oimba bulusi. Uyambira pa kiyi ya nyimbo n'kuwerenga zilembo zinayi: G, A, B, C. Ndiye kuti nyimbo ya G ifuna hamonika ya C. Apa kwanu ndi pa bowo 2 pokoka mpweya, ndipo mawu okoka ndiwo amapindika n'kulira bwino. Nyimbo ya E ifuna A. Chenjerani ndi F chabe: yake ndi B♭, osati B. Njirayi ili ndi malire ake. Pa hamonika ya C, bowo 5 pokoka limapereka F, pomwe nyimbo ya G ili ndi F#. Mu bulusi ndiye ndiwo zake, koma mu nyimbo ya kwaya limamveka ngati walakwitsa.

Ife tinawerenga bwino, chifukwa wa gitala anati nyimbo ili mu G. Nanga chinalakwika n'chiyani? Titayang'anitsitsa, tinaona kapo atamanga pa fureti yachiwiri. Zala zake zinali kugwira G, koma mawu otuluka anali A. Kiyi ya A ili ndi C#, ife tinali kuuziramo C. Mawu awiri oyandikana choncho sagwirizana. Tinafunika hamonika ya D: A, B, C, D.

Ndalama ya hamonika ina panalibe. Tinachotsa kapo, woimba wathu anadandaula kuti tamutsitsa, koma pofika Loweruka anali atazolowera.

Masiku ano sitifunsa wa gitala kuti "ugwira chiyani?" Timamuuza alize kodi imene nyimbo imathera, ife n'kukoka bowo 2 kwa nthawi yaitali. Mawu akakhazikika pamodzi, hamonika ndi yomweyo. Akayamba kunjenjemera ndi kukanda m'makutu, timayang'ana kaye pa khosi la gitala tisanatukwane wogulitsa.